Madzi a M'tsamba la Tiyi ndi Zina Zimene Masilayidi Sananene

Ophunzira ambiri a m'makoleji athu masiku ano amawerenga masilayidi kuposa mabuku, ndipo ine sindiwadzudzula. Buku la phunziro limapezeka limodzi kapena awiri mulaibulale pamene kalasi ili yodzaza, ndipo mtengo wake kholo la ku Khonjeni kapena ku Thekerani silingaufikire. Masilayidi amabwera okha pa foni, mphunzitsi akangowatumiza kwa mtsogoleri wa kalasi. Ndi aafupi, mawu ake ndi osankhidwa kale, ndipo nthawi zambiri mayeso amachokera momwemo. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti wophunzira amene sanatsegulepo mutu wa buku umene masilayidiwo anachokera sadziwa kuti pali zimene zinatsala. Amaganiza kuti wanyamula phunziro lonse.

Ine ndinakulira m'nyumba za antchito pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo, ndipo zaka zanga zambiri za ntchito zinathera m'fakitale, pakati pa chipinda chofotetsera masamba ndi chowumitsira. Mwana wa mlongo wanga akuphunzira za kukonza zokolola pa koleji ina, ndipo pa tchuthi anabwera ndi zinthu ziwiri: masilayidi a phunziro la kapangidwe ka tiyi wakuda, ndi mapepala a mutu wa buku umene mphunzitsi wake anautchula pa silayidi yomaliza. Mutuwo anali atautengera ku fotokope koma sanauwerenge. Anandipempha kuti ndimufunse mafunso a m'masilayidi ngati mayeso. Ndinamuuza kuti tiyambe tayika ziwirizi pamodzi, tione chimene china chili nacho chimene chinzake chilibe.

Mmene tinachitira n'zosavuta. Tinatenga pepala lalikulu n'kulemba mizere itatu yotsika: kumanzere zimene buku likunena, pakati zimene silayidi ikunena pa nkhani yomweyo, kumanja chimene chasowa. Chofunika kwambiri ndi mbali imene ukuyambira. Ukayambira ku masilayidi n'kumafufuza mfundo iliyonse m'buku, udzaipeza yonse, chifukwa inachokera momwemo, ndipo udzatseka buku uli wokhutira. Uyenera kuyambira ku buku, ndime ndi ndime, n'kumafunsa kuti ndime iyi yafika pa silayidi iti. Ndime imene ilibe kolowera ndiyo yatsala. Ndipo pa nambala iliyonse imene silayidi yatchula tinkafunsa mafunso atatu: nambalayi ikuwerenga chiyani, imagwira ntchito nyengo ikakhala yotani, ndipo ikaphonyeka munthu amadziwira chiyani.

Silayidi ya kufotetsa masamba ndi imene inatichedwetsa kwambiri. Inali ndi mizere itatu yokha. Wina unkati masamba amayalidwa m'mabedi aatali a waya, mphepo n'kumawomberedwa kuchokera pansi. Wina unkati ntchitoyi imatenga maola 12 mpaka 18. Wachitatu unkati masamba afote kufika pa 70 peresenti. Palibe bodza pamenepo. Ndinamufunsa mtsikanayo kuti: tsamba longothyoledwa kumene lili ndi madzi 78 peresenti, ndipo tayala makilogalamu 100, likafika pa madzi 70 peresenti, sikelo idzawerenga makilogalamu angati? Anayankha mosazengereza kuti 92, poti 78 kuchotsa 70 ndi 8. Ndikukhulupirira kuti aliyense woona silayidi yokhayo akanayankha chimodzimodzi.

Buku linali ndi ndime yathunthu yofotokoza chifukwa chake yankho limeneli silingakhale loona. M'makilogalamu 100 a masamba a madzi 78 peresenti muli makilogalamu 22 a tiyi weniweni, amene sauluka ndi mphepo. Chimene chimachoka ndi madzi okha. Masamba akafika pa madzi 70 peresenti, makilogalamu 22 aja ndiwo akhala 30 peresenti ya kulemera konse. Ndiye kulemera konseko ndi 22 ÷ 0.30, amene ndi makilogalamu 73.3. Madzi amene achoka ndi makilogalamu 26.7, osati 8. Kusiyana kwake n'koposa katatu. Munthu amene akuganiza kuti chipinda chofotetsera chimachotsa makilogalamu 8 okha sangamvetse chifukwa chake mafani ake ndi aakulu chotere, kapena chifukwa chake magetsi akazima usiku kapitawo wa m'chipindamo sagona.

Buku linapitiriza pamene silayidi inalekera. Tiyi wotuluka m'chowumitsira ayenera kukhala ndi madzi pafupifupi 3 peresenti, choncho makilogalamu 22 aja amatuluka ali 22.7. Apa m'pamene pamachokera mawu amene aliyense wa ku esiteti amawadziwa, oti makilogalamu anayi ndi theka a masamba aawisi amapereka kilogalamu imodzi ya tiyi. Kuchoka pa 73.3 kufika pa 22.7, chowumitsira chiyenera kuchotsa madzi makilogalamu 50.6. Tsopano tiyerekeze kuti masamba sanafote bwino, aima pa madzi 74 peresenti. Kulemera kwake ndi 22 ÷ 0.26, makilogalamu 84.6, ndipo chowumitsira chiyenera kuchotsa makilogalamu 61.9. Pa pepala 70 ndi 74 akuoneka oyandikana. Ku chowumitsira ntchito yakwera ndi gawo loposa limodzi mwa magawo asanu. Fakitale imene yalandira makilogalamu 40,000 a masamba tsiku limenelo ili ndi madzi owonjezera pafupifupi makilogalamu 4,500 oti iwaphwetse ndi moto. Motowo ndi nkhuni za bulugama zimene maesiteti amadzala m'mphepete mwa minda yawo, ndipo pali anthu ozidula, ozinyamula ndi ozisonkhezera. Chowumitsira chikalephera kuthamanga, tiyi wodulidwa kale amadikira pamzere n'kupitirira muyezo wake. Zonsezi zinabisala kumbuyo kwa nambala imodzi.

Pa nambala yomweyo panali chinthu chinanso chimene mtsikanayo anachipeza yekha, ndipo nkhope yake inasintha. Buku linachenjeza kuti anthu a tiyi amatchula 70 peresenti m'njira ziwiri. Ena amatanthauza madzi otsala m'tsamba. Ena, makamaka akale, amatanthauza kuti makilogalamu 100 a masamba atsika kufika pa makilogalamu 70. Ziwirizi zimayandikana koma si chimodzi. Tsamba la madzi 78 peresenti likatsika kufika pa makilogalamu 70 limakhala ndi madzi 68.6 peresenti. Tsamba la nthawi ya dzinja, lokhuta madzi 80 peresenti, likatsika kufika pa makilogalamu 70 omwewo limakhala ndi madzi 71.4 peresenti. Silayidi sinanene kuti ikutanthauza iti. "Amalume, ndiye pa mayeso ndilembe chiyani?" anandifunsa. Ndinamuuza kuti: "Iwe ulembe funso limeneli kumanja kwa pepala, ukawafunse aphunzitsi ako. Iwo akudziwa chimene ankatanthauza, anangochisiya m'mutu mwawo."

Maola 12 mpaka 18 aja nawonso anali ndi chifukwa chimene chinatsala m'buku. Wophunzira wanzeru angafunse kuti, ngati cholinga ndi kuchotsa madzi, bwanji osawombera mphepo yotentha n'kumaliza m'maola atatu? Buku likuyankha kuti kufota kuli pawiri. Pali kuchoka kwa madzi, kumene ungakufulumizitse. Palinso kusintha kwa m'kati mwa tsamba, kumene kumayamba likangothyoledwa ndipo kumafuna nthawi yake: zomanga thupi zina zimasweka, kafeini amawonjezeka, fungo la udzu limachepa ndipo fungo la tiyi limayamba kubwera. Kumeneku sungakuthamangitse ndi fani. Ndipo mphepo ikatentha kupitirira madigiri 35 tsamba limayamba kufiira lisanadulidwe, ndiye kuti lawonongeka. Mizere iwiri ya pa silayidi, wa maola ndi wa peresenti, inkaoneka ngati ikunena chinthu chimodzi, pamene ikunena zinthu ziwiri zimene wopanga tiyi ayenera kuzikwaniritsa nthawi imodzi.

Ku Thyolo nkhani imeneyi siyofanana chaka chonse, ndipo apa ndi pamene ndinaona kuti kusiya "ngati" ndi "pokhapokha" kumapweteka. Gawo lalikulu la tiyi wa m'dziko muno limathyoledwa kuyambira Disembala mpaka Epulo. Mvula yoyamba ikagwa tchire lonse limaphukira pamodzi, masamba amabwera ochuluka kuposa malo oyalapo, amafika atanyowa ndi mvula, ndipo mphepo yoti iwafotetse nayonso imakhala yodzaza chinyezi. M'chipinda chofotetsera mumapachikidwa zoyezera kutentha ziwiri moyandikana, china chouma, china chokulungidwa kansalu konyowa. Zikasiyana ndi madigiri atatu kapena anayi, mphepo ili ndi ludzu ndipo masamba afota. Zikayandikana kwambiri, ungawombere usiku wonse popanda chosintha, ndipo uyenera kuifunditsa pang'ono mphepoyo. Tsiku la chiperoni mu Juni, nkhungu itaphimba phiri la Thyolo, zoyezera ziwirizi zimangotsala pang'ono kufanana. Mu Okutobala vuto limatembenuka: mphepo ndi youma moti masamba apansi amauma ngati chikopa apamwamba asanafote, ndipo uyenera kuzimitsa mafani kwa kanthawi ndi kumawatembenuza. Buku linali ndi chithunzi cha zoyezerazi ndi tebulo lake. Masilayidi analibe. Buku linafotokozanso mmene dzanja limadziwira: ufumbate masamba odzaza dzanja, ukatambasula akhale ngati mpira womasuka pang'onopang'ono, ndipo kamtengo ka mphukira kapindike osathyoka. Ndinasangalala kuona zimenezi zitalembedwa, chifukwa ndi mmene anandiphunzitsira anthu amene sanapiteko ku koleji.

Silayidi ya gawo lotsatira kudula inali yaifupi kuposa zonse. Inati tiyi wodulidwa amasiyidwa mphindi 60 mpaka 90 kuti asinthe mtundu kuchoka kobiriwira kukhala wofiirira, ndipo inatchula mayina awiri, thiyafulavini ndi thiyarubijini. Mtsikanayo anali ataloweza mayinawa bwinobwino. Nditamufunsa chimene chimasintha mtunduwo, anati ndi tizilombo tofanana ndi ta mowa, chifukwa gawoli amalitcha famentesheni. Buku, pa ndime yoyamba yeniyeni, linati mulibe tizilombo. M'tsamba muli timadzi towawa totchedwa makatekini, ndi enzayimu imene imakhala payokha tsamba likakhala lathunthu. Makina akaphwanya tsamba, ziwirizi zimakumana ndi mpweya ndipo mtundu umasintha, monga mbatata yosenda imadera ukaisiya pa mbale. Choyamba kupangika ndi thiyafulavini, amene amapatsa tiyi kuwala ndi ukali wokoma uja umene umagwira m'kamwa. Kenako amachuluka ndi thiyarubijini, amene amapereka kuda ndi kulemera.

Chimene silayidi inasiya ndi chithunzi chimodzi cha mzere wokwera n'kutsika. Thiyafulavini samangowonjezeka nthawi ikamapita. Amakwera, amafika pachimake, kenako amayamba kuchepa chifukwa amasanduka zinthu zina. Ntchito yonse ya wopanga tiyi pa gawoli ndi kulowetsa tiyi m'chowumitsira pafupi ndi pachimake pamenepo, chifukwa moto ndi umene umaimitsa enzayimu. Ndipo pachimake sipakhala pa mphindi imodzi tsiku lililonse. Kukatentha pamafika msanga ndipo pamakhala potsika, n'chifukwa chake mabuku amalangiza kuti tiyi wodulidwa asatenthe kupitirira madigiri 30. Makina odula amautenthetsa, ndipo kusinthako pakokha kumatulutsa kutentha, choncho amauwomberanso mphepo yozizira ya chinyezi. Mtundu wa tchire nawonso uli ndi mbali yake: mitundu yosankhidwa monga SFS 150 ndi PC 108, imene inachokera ku kafukufuku wa ku Mulanje, siyendera nthawi imodzi ndi tchire lakale la njere. Munthu woloweza 60 mpaka 90 akhoza kusankha 90 masana a Novembala, n'kukhala m'kati mwa malire a silayidi, tiyi n'kutuluka wakuda wopanda moyo. Akafupikitsa nthawi m'mawa wozizira, tiyi amatuluka wowawa ngati wosapsa, ndipo masamba otsala m'kapu amakhala obiriwira. Wolawa amazizindikira zonsezi pa supuni imodzi.

Nkhani ya thiyafulavini ndi yathu kuposa mmene ophunzira athu amadziwira. Bungwe lofufuza za tiyi la Tea Research Foundation of Central Africa, limene likulu lake lili ku Mimosa ku Mulanje ndipo linakhazikitsidwa mu 1966, ndi kumene akatswiri awiri, Hilton ndi Ellis, anasonyeza mu 1972 kuti mtengo wa tiyi wa kuno pamsika umayendera limodzi ndi kuchuluka kwa thiyafulavini. Buku la mtsikanayo linatchula ntchito imeneyi. Silayidi inasunga dzina la mankhwala n'kutaya dzina la malo. Ine ndikuona kuti pamenepa panatayika chinthu chachikulu. Mwana wobadwira ku Thyolo akuloweza liwu lovuta ngati lochokera kutali, osadziwa kuti kufunika kwake kunayezedwa pa tiyi wa kuno kwathu, ndi kuti liwu limenelo lili pakati pa zimene zimasiyanitsa mitengo ku okushoni ya ku Limbe.

Za makina odula tinadutsapo mwachangu. Silayidi inatchula CTC yokha, buku linatchulanso LTP, makina omenya tsamba ndi mipeni yozungulira amene mafakitale a m'dziko muno akhala akuwagwiritsa ntchito kwambiri ndipo amafuna tsamba losafota kwambiri. Tinangolemba mzere umodzi woti 70 peresenti ija imadaliranso makina amene ali kutsogolo. Za kusefa ndi magiredi monga BP1, PF1 ndi PD, silayidi ndi buku zinagwirizana, ndipo kumanja kwa pepala sitinalembe kanthu. Ndi bwino kunena zimenezi, chifukwa si silayidi iliyonse imene ili ndi mlandu.

Kumene ndinakhudzidwa mtima ndi pa silayidi yoyamba, ya kathyoledwe. Inali ndi chithunzi chokongola cha masamba awiri ndi kansonga, ndi mzere umodzi woti tiyi wabwino amachokera pamenepo. Ndi zoona: makatekini ndi kafeini amachuluka m'kansonga ndi m'masamba anthete, ndipo amachepa ukamatsika. Buku linawonjezera zimene zimachitika m'munda weniweni. Mudengu mumalowanso mphukira za masamba atatu, ndi mphukira zogona zimene zasiya kukula, ndipo fakitale imatapa masamba pang'ono n'kuwerenga kuti abwino ndi angati pa 100. Wothyola ayenera kusiya masamba okhwima okwanira pamwamba pa tchire, chifukwa ndi amene amadyetsa mphukira za mawa. Masamba akatsenderezedwa mudengu kapena m'thumba, kapena akakhalitsa padzuwa podikira thirakitala, amatentha okha n'kufiira, ndipo palibe makina a m'fakitale amene angawabwezere.

Buku linalinso ndi ndime yaifupi yonena kuti kumene othyola amalipidwa potengera kulemera, pamakhala kukokana pakati pa kuchuluka ndi ubwino wa masamba. Ndime imeneyi ndinaiwerenga mokweza, chifukwa amayi anga ankathyola tiyi. Mphukira ya masamba atatu imalemera kuposa ya awiri. Mayi amene ali ndi muyezo wa makilogalamu woti aukwaniritse dzuwa lisanapendeke, ndi ana odikira kunyumba, akamatsitsa dzanja pang'ono sikuti sadziwa tiyi wabwino. Amaudziwa kuposa wojambula chithunzi chija. Wophunzira amene waona silayidi yokha akadzakhala woyang'anira munda adzaona tsamba lachitatu ngati ulesi kapena umbuli, ndipo adzakalipa. Amene wawerenga ndime ija adzayamba wafunsa za muyezo, za masiku apakati pa kuthyola ndi kuthyolanso, ndi za nthawi imene thirakitala imafika. "Amalume, agogo ankabwera manja atatupa," mtsikanayo anatero, ndipo anailemba ndime imeneyo pamwamba pa mndandanda wake.

Pepala litadzaza tinaona kuti zotsala sizinali zamtundu umodzi, ndipo kungoziwunjika n'kunena kuti masilayidi ndi operewera kukanakhala kusaweruza bwino. Zina mphunzitsi anazisiya dala chifukwa amazinena ndi pakamwa. Silayidi imapangidwa kuti munthu aimirire pambali pake n'kumafotokoza, ndipo mtsikanayo atatsegula kope lake anapeza kuti za kufumbata masamba anazilemba yekha m'kalasi. Zina anazisiya chifukwa si za chaka chimenecho, monga kapangidwe ka m'kati ka mankhwala aja, ndipo ife tinazidula ndi mzere. Zotsala zoopsa ndi zamtundu wachitatu: zimene kusowa kwake kumasintha tanthauzo la zimene zalembedwa. Chiyeso chake n'chimodzi. Funsa kuti munthu wokhulupirira silayidi yokha angachite cholakwa chiti, kapena angayankhe funso liti molakwa. Ngati yankho lilipo, monga makilogalamu 92 aja, mfundoyo ikhale pa mndandanda. Titasefa chotero, mndandanda wautali unatsala ndi mfundo zokwana m'dzanja: masamu a madzi, matanthauzo awiri a 70 peresenti, kufota kwapawiri, chinyezi cha mphepo, kukwera ndi kutsika kwa thiyafulavini, ndi kukokana kwa sikelo ndi ubwino wa tsamba.

Nditaziyang'ana mfundo zimenezi ndinaona kuti zikufanana pa chinthu chimodzi. Munthu akamafupikitsa mutu wa buku kuti ukwane pa khoma, mayina amapulumuka, manambala amapulumuka, ndondomeko ya magawo imapulumuka. Zimene zimagwa ndi ziganizo zoyamba ndi "chifukwa", "ngati" ndi "koma", poti n'zazitali ndipo sizikwana pa mzere umodzi. Nambala ikasiyana ndi "ngati" wake imaoneka ngati lamulo. Koma m'fakitale ya tiyi ntchito yonse ili mu "ngati": ngati masamba abwera onyowa, ngati kunja kwatentha, ngati ndi tchire lakale. Ndondomeko ya magawo mlendo amaiphunzira m'mawa umodzi akamayendera fakitale ya ku Satemwa. Chimene amalipirira wopanga tiyi ndi kudziwa chochita tsiku limene nambala yakana.

Buku nalonso lili ndi malire ake, ndipo ndinafuna kuti mtsikanayo asachoke ndi maganizo oti chilichonse chosindikizidwa n'chathunthu. Mutu umene tinali nawo unatenga zitsanzo zambiri ku Assam ndi ku Kenya. Ku Kericho tiyi amathyoledwa chaka chonse mosasiyana kwambiri, pamene kuno miyezi ina fakitale imasefukira, miyezi ina imangoyenda pang'ono. Mabuku odziwika monga limene Willson ndi Clifford anasonkhanitsa mu 1992 ndi odalirika pa zoyambitsa, koma makina asintha kuchokera nthawi imeneyo, ndipo pa silayidi ina mphunzitsi anaika chithunzi cha chowumitsira chatsopano chimene m'mapepala athu munalibe. Choncho tinawonjezera mzere wachinayi, wa zimene silayidi ili nazo koma buku lilibe. Ndipo pali zimene zonse ziwiri sizinanene: kuti minda imeneyi inatsegulidwa ndi manja a anthu a thangata, ambiri a iwo Alomwe ochokera ku Mozambique, ndi kuti alimi ang'onoang'ono amene amagulitsa masamba awo ku mafakitale amataya ndalama galimoto yotenga masamba ikachedwa. Zimenezi si za mutu wa kapangidwe, ndikuvomereza, koma wodzagwira ntchito ku Thyolo adzakumana nazo tsiku loyamba.

Wina anganene kuti ntchito yoyerekezayi imadya nthawi, ndipo wophunzira ali ndi maphunziro ambiri. N'zoona, ndipo sindikunena kuti achite chotere pa mutu uliwonse. Mitu imene ili ndi manambala ambiri ndi magawo otsatizana ndiyo yoyamba kuiyang'ana, chifukwa m'menemo ndi mmene "ngati" amatayika kwambiri. Anthu anayi akhoza kugawana mitu, aliyense n'kubwera ndi mndandanda wake waufupi, ndipo fotokope imodzi n'kukwanira onse. Chimene sichigawika ndi kuwerengera masamu ndi dzanja lako. Mtsikanayo anabwereza masamu a madzi aja ndi manambala ena, 76 ndi 80, mpaka anayamba kuona yekha kuti tsamba la dzinja limapereka tiyi wochepa pa kilogalamu kuposa la chilimwe, chinthu chimene masilayidi sanatchule ndipo ine sindinamuuze.

Kwa inu aphunzitsi a m'makoleji, amene ndikudziwa kuti mumaphunzitsa makalasi aakulu ndi mabuku ochepa, pempho langa ndi laling'ono. Ana ambiri adzawerenga masilayidi anu muli kutali, usiku, pa foni. Pansi pa silayidi iliyonse lembani peji la buku limene yachokera. Pambali pa peresenti iliyonse lembani kuti ndi peresenti ya chiyani. Ndipo pamene nambala imasintha ndi nyengo, onjezani mzere umodzi wonena kuti imasintha ndi chiyani, ngakhale silayidiyo ioneke yothinana.